Kutapa ndalama ku SACCO musanatuluke umembala: ndondomeko yake ndi mawu oyenera kulemba m'kalata

Ndakhala mlembi wa komiti ya SACCO ya kuntchito kwathu kwa zaka zingapo, ndipo funso ili landitopetsa. Munthu amandipeza pa maliro, m'minibasi, ngakhale pa mzere wa chigayo: "Alembi, ndikufuna ndalama zanga koma sindikufuna kutuluka panopa, ndilembe bwanji?" Ena amabwera atalemba kale, kalata yabwezedwa, mtima uli m'mwamba. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Ndiyambe ndi chimene chimagwetsa anthu ambiri. Liwu lija timalitchula kuti "kuwidirowa" lili ndi matanthauzo awiri mu SACCO: kutapa ndalama, ndi kuchoka m'bungwe. Mafomu a zinthu ziwirizi amafanana mitu, ndipo kalata ya mizere itatu yonena kuti "ndikupempha kuwidirowa masheya anga" komiti ikhoza kuiwerenga ngati kalata yotsanzika. Ikatero, njira yake ndi ina, masamu ake ndi ena, ndipo ndalama imene mulandire imakhala yochepa kuposa imene mumayembekeza. Zonse zili m'munsimu ndi zoti komiti isakumveni molakwa.

1. Pezani malamulo a SACCO yanu, osati a SACCO ya mnzanu

Ma SACCO a m'Malawi muno amayendera lamulo la makopaletivi a zachuma la 2011, ndipo amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya dziko lino. Ambiri alinso pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO umene unayamba mu 1980. Koma nkhani ya kutapa ndalama imalembedwa m'malamulo a SACCO iliyonse payokha, amene mamembala anavomereza pa msonkhano waukulu. Zimene amachita a zaumoyo si zimene amachita a ku esiteti ya tiyi. Pitani ku ofesi, pemphani malamulowo, mujambule ndi foni masamba amene akunena za masheya, za notisi ndi za kutha kwa umembala. Lembani penapake nambala za ndime zake, mudzazifuna polemba kalata.

Mufufuze zinthu zitatu: ngati masheya amaloledwa kutapako munthu akadali membala, masiku a notisi, ndi ndalama yochepetsetsa imene iyenera kutsala. Notisi ndi nthawi imene SACCO imadzipatsa kuchokera tsiku lolandira kalata kufika tsiku lolipira. Kwina ndi mwezi, kwina miyezi iwiri kapena itatu.

2. Tengani sitetimenti, mugawe ndalamazo m'miphika yake

Pa pesilipi pamangooneka mzere umodzi wa SACCO, ndiye anthu amaganiza kuti zonse zimene akhala akudulidwa zili m'thumba limodzi. Ayi. Kawirikawiri miphika ilipo itatu.

Woyamba ndi masheya okhazikika, amene ena amati osabwezedwa. Amenewa ndiwo amakupangani kukhala mwini wa SACCO, ndipo ndi mpamba wa bungwe. Simungawatape. Ngakhale potuluka, njira yake nthawi zambiri ndi kuwagulitsa kapena kuwasamutsira kwa membala wina.

Wachiwiri ndi masheya obwezedwa, zija mumasonkha mwezi ndi mwezi. Ndi anu ndithu, koma ndiwo chikole cha ngongole zanu ndi za anthu amene munawaikira umboni. Mkangano wonse umakhala pa mphika umenewu.

Wachitatu ndi akaunti yosunga wamba, imene mumaika ndi kutapa ngati ku banki. Iyi sifuna komiti, ndi fomu ya pa kauntala basi. Ngati ndalama imene mukufuna ikukwana mu akaunti imeneyi, siyirani pomwepa kuwerenga, pitani mukatape.

Mayina a miphikayi amasiyana. Kwina zosonkha za pamwezi amazitchula masheya, kwina madipoziti. Inu gwiritsani dzina limene lalembedwa pa sitetimenti yanu, ndipo lomwelo ndilo mulembe m'kalata.

3. Werengani ndalama imene ili yomasuka

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, chonsecho ndi pamene makalata amafera. Komiti siyang'ana kuti muli ndi zingati. Imayang'ana kuti mwa zimene muli nazo, ndi zingati zimene sizinamangidwe ndi ngongole.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mphunzitsi amene sitetimenti yake ikuonetsa K1,450,000. Manambalawa ndangowasankha kuti masamu aoneke bwino. Masheya okhazikika ndi K50,000, masheya obwezedwa ndi K1,200,000, ndipo mu akaunti yosunga muli K200,000. Ali ndi ngongole imene yatsala K900,000. Chaka chatha anasainiranso mnzake wa pasukulu pomwepo ngati mboni, nakoleka K400,000 ya masheya ake.

Tinene kuti SACCO yake imabwereketsa katatu kuchuluka kwa masheya a munthu. Ndiye kuti ngongole ya K900,000 ikufuna masheya a K300,000 akhale pomwepo osagwedezeka. Chotsani K300,000 imeneyo pa K1,200,000, patsala K900,000. Chotsaninso K400,000 ya umboni ija, patsala K500,000. Imeneyi ndiyo yomasuka pa masheya. Kuphatikiza ndi K200,000 ya mu akaunti yosunga, mphunzitsiyu angayembekeze pafupifupi K700,000, kupatula kangachepe koyenera kutsala mu akaunti ndi kolipira ntchito ya ofesi. Ndi pafupifupi theka chabe la ndalama imene anaiona pa sitetimenti n'kuyamba kukambirana ndi wogulitsa malata.

Ma SACCO ena ndi ouma kuposa pamenepa: bola muli ndi ngongole, masheya sakhudzidwa ngakhale tambala. Kumeneko mphunzitsi wathu angatenge za mu akaunti yosunga zokha mpaka atamaliza kubweza. N'chifukwa chake ndinayamba ndi malamulo.

Tsopano onani chimene chingachitike kalata yake itawerengedwa ngati yotsanzika. Munthu wotuluka sangachoke ndi ngongole, ndiye SACCO imayamba yadzilipira. Masheya obwezedwa ndi akaunti yosunga pamodzi ndi K1,400,000. Kuchotsa K900,000 ya ngongole, patsala K500,000, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi umenewo chichokanso pomwepo. Pa K500,000 imeneyo, K400,000 igwiridwa mpaka nkhani ya umboni itatha. M'manja mwake mulowa ndalama yosapitirira K100,000, umembala watha, ngongole ina sangatengenso. N'zoona kuti ngongole yakale yafafanizika, ndiye sanaberedwe. Koma iye amafuna ndalama ya malata mwezi uno, ndipo kusiyana kwa K700,000 ndi K100,000 kwabwera ndi chiganizo chimodzi cha m'kalata.

4. Masulani umboni, kapena muuchepetse

Anthu ambiri sakumbukira kuti anasainira angati. Mnzanu anabwera ndi fomu nthawi ya buleki, inu muli ndi chikho cha tiyi m'manja, munasaina. Ku ofesi siginecha imeneyo idakali moyo. Choncho pemphani kwa woona za ngongole mndandanda wa ngongole zonse zimene dzina lanu lili ngati mboni, ndi ndalama imene yatsala pa iliyonse.

Pali chinthu chimene anthu sachidziwa. Ndalama imene munakoleka sichepa yokha pamene mnzanu akubweza. M'mabuku ambiri imakhala momwemo mpaka ngongole ithe, pokhapokha wina atapempha kuti iwerengedwenso. Ngati mnzake wa mphunzitsi uja watsala ndi K250,000 yokha yoti abweze, palibe chifukwa chogwirira K400,000. Lembani pempho ku komiti ya ngongole kuti chikole chanu chitsike molingana ndi ngongole yotsala. Akavomera, K150,000 ina yamasuka. Mwinanso masheya a wobwerekayo akula mokwanira kuphimba okha ngongole yotsalayo, ndiye inu mungamasulidwe kotheratu.

Zikakanika zimenezo, njira ndi yoti mnzanuyo apeze mboni ina yolowa m'malo mwanu. Chovuta pano si pepala ayi, ndi pakamwa. Kuuza munthu kuti "ndichotseni pa umboni" kumamveka ngati mwasiya kumukhulupirira, ndipo ndaona ubwenzi wa zaka ukuzilala pa nkhani imeneyi. Muyambe ndi vuto lanu, osati ngongole yake. Mwachitsanzo: "Achimwene, ndapanikizika ndi fizi ya mwana, ndiye ndimafuna nditapeko ku SACCO, koma andiuza kuti ina ili pa umboni wanu uja. Kodi singapezeke njira yoti wina andilandireko?" Akavomera, mupite limodzi ku ofesi inu, iyeyo ndi mboni yatsopanoyo. Mboni yatsopano iyenera kukhala ndi masheya omasuka okwanira, ndipo komiti ya ngongole iyenera kuvomereza.

Musachoke ndi mawu a pakamwa. Mudakali mboni kufikira tsiku limene mwagwira pepala lodindidwa lonena kuti mwamasulidwa. Ndipo ngati ngongole ya mnzanuyo ili kale m'mbuyo, konzekerani kukanidwa: palibe komiti imene imamasula mboni pa ngongole yodwala, chifukwa nthawi imeneyo ndiyo mboni inafunikira.

5. Sankhani nthawi

Phindu la pa masheya, lija timati dividendi, limalengezedwa pa msonkhano waukulu wa pachaka mabuku atawunikidwa. Funsani kuti kwanu amaliwerengera pa masheya a tsiku lotseka chaka kapena mwezi ndi mwezi. Ngati ndi pa tsiku lotseka chaka, kutapa sabata ziwiri tsikulo lisanafike kungakutayitseni phindu la chaka chonse pa ndalama imeneyo.

Kumbukiraninso kuti ndalama za mamembala sizikhala m'sefa, zili kunja ngati ngongole. Miyezi ya feteleza ndi ya fizi, makamaka kuyambira Novembala mpaka Januwale, aliyense amafuna ndalama nthawi imodzi ndipo komiti imakoka notisi mpaka tsiku lomaliza. Ngati mukufuna ndalama ya feteleza, kalata ipite mu Ogasiti.

Musanalembe, dzifunseni kamodzi ngati kutapa kukuposadi kubwereka. K500,000 imene mphunzitsi uja watapa yamuchepetsera mwayi wa ngongole ndi K1,500,000. Komiti idzakuuzani zimenezi, mwina mokakamiza pang'ono, poti SACCO imadya chiwongoladzanja. Inu werengani nokha. Ngati malipiro anu adulidwa kale mpaka pa fupa, ngongole ina si chithandizo, tapani.

6. Lembani kalata

Komiti imakhala ndi makalata ambiri pa tebulo ndipo mamembala ake ndi anthu ongodzipereka, amene akufuna kukakwera basi kusanade. Safuna mbiri ya moyo wanu. Akufuna kupeza mwachangu kuti ndinu ndani, mukufuna zingati, kuchokera mu mphika uti, patsala zingati, ngongole ndi umboni zili pati, komanso ngati mukukhalabe membala. Kalata ipite kwa wapampando wa bodi kudzera kwa manejala, osati kwa munthu ndi dzina lake. Ngati SACCO ili ndi fomu yake, dzazani fomuyo n'kumata kalatayi kumbuyo. Nayi, ndi manambala a mphunzitsi uja:

Kwa Wapampando wa Bodi,
Kudzera kwa a Manejala,
………… SACCO

Tsiku: …………

Wokondedwa Bambo/Mayi,

PEMPHO LOTAPA GAWO LA MASHEYA OBWEZEDWA: MEMBALA NAMBALA …………

Ine, …………, membala nambala …………, ndikupereka notisi ya masiku ………… molingana ndi ndime ………… ya malamulo a SACCO yathu, kuti nditape K500,000 pa masheya anga obwezedwa.

Malinga ndi sitetimenti ya pa …………, masheya anga obwezedwa ndi K1,200,000. Ndikatapa, patsala K700,000.

Ngongole yanga yotsala ndi K900,000 ndipo ndikubweza mwezi ndi mwezi popanda kudumphitsa. Ndine mboni pa ngongole imodzi, ya membala nambala …………, pa ndalama yokwana K400,000. Masheya otsalawo akukwanira kuphimba zonse ziwiri.

Kalatayi si yotuluka umembala. Ndikhalabe membala, masheya anga okhazikika sakukhudzidwa, ndipo zosonkha zanga za pamwezi zipitirire monga mwa nthawi zonse.

Ndalamayi iikidwe mu akaunti yanga yosunga ya mu SACCO momwemu, nambala …………. Ndamata sitetimenti, fotokope ya chiphaso cha unzika ndi pesilipi ya mwezi watha.

Ine wanu,
………… (siginecha, nambala ya foni)

Ndime yachinayi ija, yonena kuti kalatayi si yotuluka umembala, musaichotse ngakhale ikuoneka ngati yobwereza. Ndiyo imene mlembi amakopera m'maminitsi.

Mawu ena amabweza kalata pomwepo. "Ndikufuna ndalama zanga zonse" amawerengedwa ngati kutsanzika. "Mutseke akaunti yanga" chimodzimodzi. "Mundipatse imene ingatheke" sapatsa komiti chinthu choti ivomere kapena kukana, poti komiti imavotera nambala. "Mwachangu" sasintha notisi. Ndipo kalata yodzaza madandaulo, kuti dividendi ya chaka chatha inali yochepa, kuti a kauntala ndi amwano, imatumizidwa ku komiti yoyang'anira ngati dandaulo, pempho la ndalama n'kugona pamenepo. Madandaulo alembeni pa pepala lina.

Chifukwa chotapira mukhoza kuchitchula m'chiganizo chimodzi kapena kuchisiya, ndalama ndi zanu. Chimafunika pokhapokha mukupempha kuti akuchepetsereni notisi, monga pa matenda kapena maliro. Apo onjezani kuti: "Ndikupempha bodi kuti ilingalire zochepetsa masiku a notisi chifukwa cha …………, ndipo umboni wake ndamata." Liwu loti "ilingalire" ndilo loyenera, chifukwa kuchepetsa notisi ndi chifundo cha bodi, si ufulu wanu. Kwina amachepetsa koma n'kudula kachilango, ndiye funsani kaye kuti ndi zingati.

7. Perekani kalata, mutsale ndi kope yodindidwa

Pangani makope awiri. Wolandira adinde onse awiri, alembe tsiku, asaine, imodzi mubwerere nayo. Notisi imayamba kuwerengedwa tsiku la chidindo, osati tsiku limene munalemba pamwamba pa kalata.

Ine ndinaphunzira izi ndi ndalama zanga zomwe, ndisanalowe m'komiti. Ndinapatsira kalata mnzanga amene amapita ku tauni kuti akandisiyire. Patatha miyezi iwiri ndinapita ndi chikwama, wa pa kauntala anasanthula faelo yonse, kalata kulibe. Inapezeka m'thumba la jekete la mnzangayo, itapindika panayi pamodzi ndi lisiti ya sopo. Notisi inayambira tsiku limenelo.

Funsaninso tsiku limene komiti ikhale. Kalata yofika mawa lake komiti itakhala imadikira mwezi wathunthu isanawerengedwe n'komwe.

8. Musaimitse zodulidwa pa malipiro

Ena akangopereka kalata amathamangira kwa a malipiro kukaimitsa zodula za SACCO. Musatero. Mzere umene uja wa pa pesilipi nthawi zambiri umanyamula zosonkha ndi kubweza ngongole pamodzi. Mukauimitsa, ngongole yanu igwa m'mbuyo komiti isanakhale, ndipo chiganizo chanu chija choti mukubweza popanda kudumphitsa chasanduka bodza. Ngati mukufuna kuchepetsa zosonkha za pamwezi, limenelo ndi pempho lina, la fomu ina, ndipo lidzere ku SACCO.

9. Akakana kapena akachedwa

Pemphani yankho lolembedwa, lotchula ndime ya malamulo imene agwiritsa ntchito. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi chinthu chokonzeka: umboni umene munauiwala, siginecha yosiyana ndi ya pa khadi lanu, kapena ndalama ya mwezi wina imene abwana anu anadula koma sanaitumize ku SACCO. Chomalizachi chimachitika kawirikawiri, ndipo mapesilipi anu ndiwo amakuombolani, ndiye musamawayatsire mbaula.

Notisi ikatha ndalama osaoneka, lemberani manejala chikumbutso chotchula tsiku la chidindo chija. Zikapanda kuyenda, pitani ku komiti yoyang'anira, imene mamembala amaisankha padera kuti iziona ntchito za bodi. Pamwamba pa onsewa pali ofesi yoyang'anira mabungwe a zachuma ku Banki Yaikulu, imene imalandira madandaulo a anthu, koma idzakufunsani kaye ngati munayamba mwadandaula ku SACCO kwanuko ndi zimene anakuyankhani.

10. Ngati cholinga chanu n'kudzatuluka pambuyo pake

Ambiri amene amandifunsa amakhala ataganiza kale zochoka, kaya akupuma pa ntchito, kaya akusamukira ku SACCO ina, koma akufuna kutenga ndalama pang'onopang'ono. Palibe cholakwa. Dongosolo lake likhale ili: tapani zomasuka ndi kalata ili pamwambayi, malizani ngongole, masulani umboni wonse, pezani wogula masheya okhazikika, dikirani dividendi ngati msonkhano wayandikira, kenako lembani kalata yachiwiri. Musaphatikize mapempho awiriwa m'kalata imodzi. Ndipo fufuzani ngati ngongole yanu ili ndi inshulansi imene imatha umembala ukatha, komanso thumba la maliro ngati SACCO yanu ili nalo, chifukwa zimenezi zimasiya kukuphimbani tsiku limene mwatuluka.

Kalata yachiwiriyo mutu wake ukhale "NOTISI YOTULUKA UMEMBALA", ndipo thunthu lake linene izi: "Ndikupereka notisi ya masiku ………… yotuluka umembala molingana ndi ndime …………. Ndilibe ngongole ndi SACCO ndipo sindine mboni pa ngongole iliyonse. Makalata ondimasula ndamata. Masheya anga okhazikika asamutsidwire kwa membala nambala …………, amene wasaina fomu yovomera. Ndikupempha sitetimenti yomaliza, kalata yoimitsa zodula yopita kwa olemba ntchito anga, ndi kuti dividendi iliyonse imene ndikuyenera kulandira ya chaka chino idzaikidwe mu akaunti ya ku banki nambala …………."

Kalata yoimitsa zodulayo ikapita, a malipiro akhoza kudulabe mwezi umodzi kapena iwiri chifukwa mndandanda wa malipiro umatsekedwa msanga. Ndalama imeneyo imafika ku SACCO dzina lanu litachoka kale m'kaundula, ndipo sikusakani yokha. Tengani pesilipi ya mwezi umenewo ndi sitetimenti yomaliza ija, mukalembe pempho loti akubwezereni.